Saluni ndi kuthima kwa magetsi: kuwerengera zida musanagule jenereta kapena batire

Zida za m'saluni zili m'magulu awiri pa kadyedwe ka magetsi, ndipo dongosolo lililonse lothana ndi kuthimathima kwa magetsi limayambira pa kusiyanitsa magulu amenewa. Gulu loyamba ndi la zida zotulutsa kutentha: dirayala yam'manja, dirayala yachipewa imene kasitomala amakhala pansi pake, ndi ketulo yotenthetsera madzi. Gulu lachiwiri ndi la zida zimene zimangowala kapena kuzungulira, monga mababu, makina ometera, wailesi ndi matchaja a foni. Dirayala imodzi yam'manja imadya magetsi okwanira kuyendetsa makina ometera oposa 100 nthawi imodzi. Mwini saluni amene sadziwa zimenezi amagula batire kapena jenereta yosagwirizana ndi ntchito yake.

Ku Malawi vutoli limabwera mobwerezabwereza chifukwa magetsi ambiri amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. EGENCO ndiyo imapanga, ESCOM n'kumagawa. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina nthawi ya dzinja, magetsi amayamba kugawidwa mosinthana. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho saluni iyenera kukonzekera kuthima kwa maola angapo masana, nthawi yomwe makasitomala amabwera.

Ntchito yoyamba ndi kulemba chida chilichonse ndi mphamvu yake. Pa chogwirira kapena kunsi kwa chida pamakhala nambala yotsatidwa ndi chilembo W, kutanthauza mawati. Dirayala yam'manja ya m'saluni imakhala pakati pa 1800 ndi 2200, yachipewa imayandikira 1000 kapena kupitirira pang'ono, ketulo ili pafupi ndi 2000. Makina ometera a nthambo amadya mawati 10 mpaka 15 okha, babu la LED lowala bwino limadya 9. Chowongolera tsitsi chopanira, ngakhale chimatentha kwambiri, kawirikawiri sichifika mawati 100 chikangotentha, chifukwa chimatenthetsa tizitsulo tiwiri tokha pomwe dirayala imatenthetsa mphepo yambiri yodutsa.

Chitsanzo ndi saluni ya chipinda chimodzi yokhala ndi mababu 6, makina ometera awiri, wailesi ndi matchaja, dirayala yachipewa ya 1100 ndi yam'manja ya 2000. Mababu onse pamodzi ndi mawati 54, makina ometera 30, wailesi ndi matchaja 30. Gulu laling'ono lonse likukwana 114. Madirayala awiri okha akukwana 3100. Ndiye kuti kuwala ndi kumeta kukhoza kupitirira pa batire, pomwe kuumitsa tsitsi kumafuna njira ina.

Mabatire ambiri ogulitsidwa ndi ma inveta amalembedwa 12V 100Ah. Kuchulukitsa manambala awiriwo kumapereka 1200, kutanthauza kuti batireyo imasunga mphamvu yoyendetsa mawati 1200 kwa ola limodzi. Koma batire ya mtovu, kaya yothira madzi kaya yomata, siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga. Zotsala ndi 600. Inveta nayo imataya gawo lina posandutsa magetsi a batire kukhala mavoti 230, ndipo zimene zimafika pa soketi ndi pafupifupi 500. Kugawa 500 ndi mawati 114 kukupereka maola anayi ndi mphindi zochepa. Masana, mababu ena atazimitsidwa, batire yomweyo imapitirira maola asanu. Ikalumikizidwa ku dirayala ya 2000, mphamvu yomweyo imatha m'mphindi 15, ndipo nthawi yonseyo nthambo zochokera ku batire zimanyamula ma ampu oposa 180, zomwe zimatenthetsa mawaya oonda mpaka kusungunula pulasitiki yake. Inveta yaing'ono imangolira n'kudzizimitsa.

Pachifukwa ichi masoketi a inveta ayenera kukhala akeake, oikidwa chizindikiro chooneka, kuti wantchito watsopano asalowetsepo dirayala kapena ketulo. Batire ya lithiyamu imalola kutsitsidwa kwambiri ndipo imakhalitsa, koma mtengo wake ndi wokwera. Batire ya galimoto siyoyenera ntchitoyi: idapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, ndipo ikamatsitsidwa tsiku ndi tsiku imatha m'miyezi yowerengeka. Funso lina ndi la kutchaja. Tchaja ya ma ampu 10 imafuna maola osachepera asanu kapena asanu ndi limodzi kuti ibwezeretse theka limene latha, ndiye ngati magetsi akubwera kwa nthawi yochepa, sola ya mawati 150 kapena 200 padenga ndiyo imathandiza kuti batire isamagone yopanda moto.

Mtundu wa inveta umakhudza makina ometera kuposa chida china chilichonse. Makina ambiri a nthambo a m'mababashopu amayenda ndi maginito amene amanjenjemera motsatira kayendedwe ka magetsi, kamene kuno ndi maulendo 50 pa sekondi. Inveta yotchipa yolembedwa modified sine wave imatulutsa magetsi odukizadukiza, ndipo makina otere amasokosera, kutentha m'manja, n'kumakoka tsitsi m'malo modula. Yolembedwa pure sine wave ilibe vutoli. Njira yosavuta kuposa zonse ndi makina otchaja opanda nthambo, amene ambiri amameta ola limodzi ndi theka kapena kupitirira asanathe moto. Wometa mmodzi amafunika makina awiri, kuti ena azitchajidwa pamene enawo ali pantchito, popeza mutu wometedwa theka sungadikire ESCOM.

Kuumitsa tsitsi ndiko kumabweretsa nkhani ya jenereta. Pa jenereta pamalembedwa manambala awiri, ya rated ndi ya max, ndipo yodalirika ndi yoyambayo. Yachiwiriyo ndi mphamvu imene injini imapirira kwa kanthawi kochepa. Ena amalemba mu kVA, ndipo powerengera mosamala nambalayo imachulukitsidwa ndi 0.8 kuti ipereke makilowati: 2.5 kVA ndi mawati pafupifupi 2000, 5 kVA ndi 4000. Saluni ya m'chitsanzo ikayatsa zonse nthawi imodzi imafuna 3214, choncho yoyenera ndi ya 5 kVA, imene imasiya mpata pang'ono. Ya 2.5 kVA ikhoza kugwira ntchito pokhapokha madirayala azisinthana: yachipewa pamodzi ndi mababu, makina ometera, wailesi ndi matchaja zimakwana 1214, zomwe imanyamula bwino, koma yam'manja ikayatsidwa pa kutentha kwake konse imadya mphamvu yonse yokha. Tijenereta tating'ono tosakaniza petulo ndi oyilo, tamawati 650 mpaka 900, sitingayendetse dirayala ya m'saluni ngakhale imodzi.

Jenereta yolemedwa imadziwika ndi makutu ndi maso. Injini imalira mobuula, mababu amazilala, mphepo ya dirayala imafooka, utsi umada. Ikakakamizidwa motero, mawaya a m'kati mwake amapsa. Ketulo ikhoza kupha jenereta m'saluni ikayatsidwa mosaganizira pamene dirayala ili kale pantchito.

Mafuta nawo ayenera kuwerengeredwa pa mutu uliwonse. Jenereta ya 2.5 kVA imamwa petulo pafupifupi lita imodzi pa ola, ya 5 kVA imayandikira malita awiri ikanyamula katundu wambiri. Kasitomala wa marola amakhala pansi pa dirayala mphindi 30 mpaka 45, ndiye ngati jenereta yalizidwa chifukwa cha iye yekha, theka la lita kapena kuposerapo lapita pa mutu umodzi. Kuiliza tsiku lonse chifukwa cha mababu ndi makina ometera ndi kutaya ndalama. Chanzeru ndi kusiya zing'onozing'ono pa batire, n'kusonkhanitsa makasitomala ofuna kuumitsa kuti atsatizane m'maola awiri amodzi, batire ikutchajidwa nthawi yomweyo. Ngati pali ndalama yowonjezera ya jenereta, kasitomala auzidwe asananyowetsedwe mutu.

Pa chitetezo pali zinthu ziwiri zosakambirana. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa poizoni wosanunkha ndi wosaoneka, umene umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo umapha m'chipinda chotseka. M'saluni zizindikiro zimenezi n'zosavuta kuzinamizira fungo la mankhwala a tsitsi. Jenereta ikhale panja, kutali ndi khomo ndi mazenera, paipi ya utsi italoza kwina, ndipo petulo athiridwe injini itazima n'kuzizira. Chachiwiri ndi kalumikizidwe. Kulowetsa nthambo ya jenereta mu soketi yapakhoma kuti chipinda chonse chiyake kumabweza magetsi ku mawaya a kunja, komwe akhoza kugwira wantchito wa ESCOM amene akukonza, ndipo magetsi akabwera jenereta imapsa. Pamafunika swichi yosinthira pakati pa magetsi a ESCOM ndi a jenereta, yoikidwa ndi katswiri wovomerezeka ndi MERA. Popanda swichiyo, zida zilumikizidwe mwachindunji ku jenereta ndi nthambo yokhuthala. Ekisitenshoni yoonda yapamsika imatentha ikanyamula dirayala.

Gawo lalikulu la dongosolo silifuna kugula kanthu. ESCOM imalengeza ndondomeko ya kuthima kwa magetsi m'madera, ndipo ngakhale nthawi zake zimatha kusintha, ndi poyambira pokonza tsiku. Kuluka, kusoka wigi ndi kumasula meshi sizifuna magetsi, zimangofuna kuwala, choncho zikhoza kuikidwa m'maola a kuthima, mpando utayandikizidwa pazenera kapena pakhonde. Kuchapa, marola ndi kuumitsa zipite m'maola a magetsi. Madzi otsukira m'mutu ndi oviikamo nsonga za meshi atenthetsedwe magetsi akadalipo n'kusungidwa m'mafulasiki akuluakulu. Mbaula isalowe m'kati, chifukwa meshi, sipiriti ndi mankhwala opopera zimagwira moto msanga, ndipo makala amatulutsa mpweya wa poizoni womwe uja.

Ntchito yosayenera kuyambika mwachisawawa ndi ya mankhwala owongolera tsitsi ndi dayi. Mankhwala owongolera amakhala m'mutu mphindi zowerengeka, kawirikawiri zosapitirira 20, ndipo akachedwa kutsukidwa amawotcha khungu ndi kudula tsitsi. Asanapakidwe, madzi okwanira akhale ali kale m'ndowa, popeza kuthima kotalika kumatha kuumitsanso mipopi m'madera amene madzi amachita kupopa, ndipo nyali yotchaja ikhale pafupi. Nyali yowala moyera ndiyo imaonetsa mtundu weniweni wa dayi. Yofiirira imanamiza maso.

Magetsi akangothima, zida zonse zotentha zizimitsidwe ndi kuzulidwa pakhoma nthawi yomweyo. Chowongolera tsitsi chimene chasiyidwa pa thaulo chili choyatsa chimayambanso kutentha magetsi akabwera usiku, saluni itatsekedwa. Komanso magetsi akamabwera amatha kufika ndi mphamvu yokwera kapena yotsika kwa kanthawi, ndipo matchaja ndi makina ometera ndiwo amayamba kupsa. Babu limodzi lisiyidwe loyatsa kuti lidziwitse kuti magetsi abwera, ndipo zida zibwezeredwe patapita mphindi zingapo, kuyambira zazing'ono, madirayala pomaliza. Kachida kotetezera kamene anthu amaika pa firiji kamachedwetsa magetsi motero pakokha, koma kambiri kamapangidwira ma ampu 5 okha. Ka dirayala kayenera kukhala ka ma ampu 13.