Pulojekita Ikayamba Mbuu, Musathamangire Kugula Babu

Chithunzi chikazimirira pakhoma la m'kalasi, aphunzitsi ambiri amati babu yatha. Nthawi zina n'zoona, koma babu ya pulojekita ndi yodula, ndipo kawirikawiri imaimbidwa mlandu isanalakwe.

Amisiri amayamba ndi chinthu chosalira ndalama. Amazula chingwe cha laputopu n'kudina batani la Menu. Zilembo za Menu zimachokera m'makina momwemo, choncho zikaoneka zakuthwa, mitundu yake ili bwino, vuto lili ku chingwe kapena ku laputopu.

Tinene kuti mapu a Malawi akuoneka achikasu, nyanja yada. Chingwe cha VGA chili ndi timapini 15, ndipo titatu toyambirira timanyamula mtundu wofiira, wobiriwira ndi wa buluu. Ka buluu kakapindika, zoyera zonse zimasanduka zachikasu. Ka mtundu wobiriwira kakafa, chithunzi chimakhala cha pinki. Kumanga bwino timasikuluu ta m'mbali kapena kusintha chingwe kumathetsa nkhaniyo. Pinki amabweranso ngati wina anaseweretsa rimoti n'kuika Input Signal pa Component m'malo mwa RGB kapena Auto.

Nanga Menu nayo ikakhala yosawala? Apa ndiye pofunsa babu. Makina amawerenga okha maola amene yayaka, ndipo pa mapulojekita ambiri a Epson amapezeka pa Info, pamzere wa Lamp Hours. Mababu ambiri amalembedwa maola 2,000 mpaka 6,000, malinga ndi mtundu wake. Babu siidikira tsiku lomaliza kuti ifooke: imachepa mphamvu pang'onopang'ono, moti pofika maola olembedwawo imawala pafupifupi theka la mmene inkawalira ili yatsopano. Ngati maola akadali ochepa, ndi bwino kuona ngati sanaike Eco, imene imachepetsa kuwala dala.

Chimene chimapha babu msanga ndi kutentha. Fumbi la choko ndi la m'chilimwe limatseka kasefa ka mpweya, fani n'kumalira kwambiri, kenaka getsi la Temp limayaka makina n'kuzima phunziro lili mkati. Kasefako kamasololoka ndi dzanja ndipo kukagogoda pang'ono fumbi limayoyoka. Chomvetsa chisoni n'chakuti pulojekita yopachikidwa kudenga imatha chaka osakhudzidwa.

Zilembo zikakhala zosathwa, amazunguza mkombero wa Focus, n'kupukuta galasi lakutsogolo ndi kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso. Malaya kapena pepala zimakanda galasi. Zikathwa mbali imodzi yokha, makina akhala mopendama, ndipo kuwawongola kumathandiza kuposa kukoka Keystone, amene amafinya chithunzi.

Babu ikathadi, woisintha azimitse makina, adikire ola lathunthu kuti azizire, asagwire galasi la babu yatsopano ndi zala, ndipo akamaliza abwezere Lamp Hours pa 0.