Mawu a Chitchaina amene angakupulumutse pa ntchito

Pa malo a zomangamanga kapitawo wa ku China sakhala ndi nthawi yoitana womasulira chitsulo chikamagwa. Amangokuwa m'Chimandarini, ndipo amene sanamve ndiye amavulala.

Liwu loyamba kuliloweza ndi "thing'", kutanthauza kuti "ima" kapena "imitsa". Pano ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi, chifukwa makutu athu anazolowera kale kusiyanitsa "kupa" ndi "kupha". Chimandarini nachonso chimasiyanitsa t ndi th, k ndi kh, p ndi ph. Ukachotsa mpweyawo n'kunena "ting'", mnzako akhoza kuganiza kuti ukupempha msomali pamene makina akukoka malaya ako. Lina ndi "shawo-shin", lomwe kwenikweni ndi "mtima waung'ono", koma limatanthauza "samala". Ukalimva, yamba wasuntha, mafunso pambuyo.

Koma pamene pagona ngozi yeniyeni ndi pa magetsi. "Khayi" ndi kutsegula kapena kuyatsa, "kwan" ndi kutseka kapena kuzimitsa. Kutsogolo kwa mawuwa kumabwera timawu tokanira tiwiri tating'ono, tosavuta kumira m'phokoso la jenereta: "piye", kutanthauza "usachite", ndi "meyi", kutanthauza "sizinachitike" kapena "palibe".

Tiyerekeze kuti wakutuma kukakonza mota ya makina osakanizira simenti, yoyendera mavoti 380. Ufunse kuti, "Kwan la ma?", ndiye kuti "Mwazimitsa kodi?" Akati "kwan la", azimitsa. Akati "meyi kwan", sanazimitse. Mayankho onse awiri ali ndi "kwan" m'kati, ndipo munthu wotopa amamva lokhalo lomwe akufuna kumva. Choncho funsanso mwa njira ina: "Yowu tiyen ma?", "Muli magetsi?" Yankho lomwe ukudikira ndi "meyi tiyen". Ngakhale atero, ine sindingagwire waya ndisanayeze ndi tesita. Pakamwa pa munthu si chida choyezera. Ukaona mnzako akutambasulira dzanja ku swichi iwe uli m'kati mwa ntchito, kuwa kuti "Piye khayi!", ndipo "piye" ameneyo umutulutse ndi mphamvu zako zonse, chifukwa akamva "khayi" yekha ayatsa.

Zilembo za pa zikwangwani zimatenga nthawi kuziphunzira, koma mitundu imawerengeka tsiku loyamba lomwe. Ku China chofiira chimaletsa, chachikasu chimachenjeza, chabuluu chimalamula, monga kuvala chisoti, ndipo chobiriwira chimaloza potulukira.

Zikavuta, "chiyu-ming'" ndiye "ndipulumutseni", "chawo hwo la" ndiye "kwabuka moto". Ngati kontirakiti yakufikitsa ku China kwenikweniko, ozimitsa moto amaitanidwa pa 119, ambulansi pa 120, apolisi pa 110. Ngati kampani ya Chitchainayo ikugwira ntchito m'dziko lina, manambalawa sakuthandiza: funsa a dzikolo ukangofika, uwalembe m'kati mwa chisoti.