CV ya tsamba limodzi: onetsetsani kuti kompyuta ikutha kuiwerenga

Sabata zapitazi mtsikana wina amene anamaliza Folomu 4 pano anabwera ku chipinda chathu cha makompyuta ali wokhumudwa. Anali akufunsira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogulitsa katundu wa pikulitsa, ndipo fomu ya pa intaneti inamuuza kuti atumize CV yake ngati PDF. Atatumiza, mabokosi a dzina, sukulu ndi nambala ya foni, amene amayenera kudzaza okha kuchokera mu CV, anangokhala opanda kanthu.

Titafunsa bwino tinapeza chimene chinachitika. CV anailembetsa pa shopu yotayipa makalata, anampatsa pepala lokha, iye n'kulijambula ndi foni. Pulogalamu ya m'foniyo inasandutsa chithunzicho kukhala PDF. M'maso mwa munthu zonse zinkawerengeka, koma kwa kompyuta munalibemo chilembo ngakhale chimodzi: chinali chithunzi cha pepala basi, cholemera pafupifupi 3 MB, chokhala ndi mthunzi wa dzanja pakona.

Choncho dziwani kuti PDF ilipo ya mitundu iwiri, ngakhale dzina la fayilo limathera ndi .pdf mofanana. Ina imasunga zilembo zenizeni, moti mungathe kusankha mawu, kuwakopera ndi kuwafufuza. Inayo imasunga chithunzi. Olemba ntchito ena, makamaka mabungwe ndi makampani akuluakulu, amayamba adutsitsa ma CV mu pulogalamu imene imatolamo mawu, munthu asanaone n'komwe. Ngakhale kumene kulibe pulogalamu yotere, kalaliki amafuna kukopera imelo yanu kuti akuitaneni ku mayeso a ntchito. Akamachita kuitayipa poyang'ana chithunzi chosaoneka bwino, chilembo chimodzi chikaphonyeka, uthengawo sukupezani.

Tinakhala naye pansi n'kuyambiranso mu Microsoft Word. Choyamba tinasintha kukula kwa pepala pa Layout > Size kukhala A4. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Letter, pepala la ku America, lomwe ndi lalifupi ndi mamilimita 18 poyerekeza ndi A4 imene timasindikizira kuno. Mpata wa m'mbali tinaika masentimita 2 mbali zonse. Zilembo tinasankha Calibri, kukula 11, mitu 13, dzina lake pamwamba 18. Arial nayonso ndi yabwino. Zilembo zopotanapotana za pa makhadi a ukwati zisiyeni, tifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Pansi pa dzina tinalemba foni, imelo ndi boma limene amakhala, pa mzere umodzi. Kenako maphunziro, kuyambira MSCE: dzina la sukulu, chaka, mapointi ake, ndi magiredi a maphunziro okhudza ntchitoyo, monga masamu ndi Chingerezi. Apa musakometsere kanthu, chifukwa adzafuna kuona satifiketi ya MANEB. Pa mutu wa ntchito iye anati sanagwirepo ntchito ina iliyonse. Koma titacheza, zinadziwika kuti kwa zaka ziwiri wakhala akulemba buku la ngongole ndi katundu mu golosale ya azakhali ake, komanso amathandiza kuphunzitsa ana aang'ono ku madarasa Loweruka. Kwa wofuna ukalaliki, buku la golosalelo ndi nkhani yaikulu, ndipo tinalipatsa mizere itatu yofotokoza zimene ankachita. Pomaliza tinaika zinenero zimene amayankhula, Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi, ndi anthu awiri omuchitira umboni. Makolo ndi akomiti, ana akakupemphani kuti alembe dzina lanu, muziwapatsa nambala imene mumayankha. Ana inunso musalembe munthu musanamupemphe.

Pali chinthu china chimene chinatitengera nthawi. Mtsikanayu anakopeka ndi CV yokonzeratu ya mu Word, ya mizati iwiri, yokhala ndi chigawo chobiriwira kumanzere. N'zoona, inali yokongola. Koma mawu ake anali m'timabokosi ta Text Box, ndipo PDF simadziwa nthawi zonse kuti kabokosi koyamba kuwerengedwa ndi kati. Titayesa kukopera, nambala ya foni inatulukira pakati pa magiredi, dzina lake n'kukhala kumapeto. Timizere tosonyeza luso, toti kompyuta amaidziwa "madontho anayi mwa asanu", sitinatuluke n'komwe, poti ndi zojambula. Tinabwerera ku mzati umodzi, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Foni ndi imelo tinaziika m'kati mwa tsamba, osati mu Header, chifukwa mapulogalamu ena amalumpha gawo limenelo.

Zaka tinafuna zikhale kumanja kwa mzere. Ambiri amangodinikiza batani la mpata kambirimbiri mpaka chaka chifike kumene akufuna, koma zilembo zikangosintha pang'ono zonse zimakhota. Ife tinaika Right Tab pa masentimita 17, poti A4 ndi yotambalala masentimita 21 ndipo tinachotsa 2 mbali iliyonse. Ukadina Tab kamodzi, chaka chimakaima kumapeto kwenikweni.

Titamaliza, pansi pa sikirini panalembedwa Page 1 of 2. Tsamba lachiwirilo linali loyera. Tinadina Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zioneke, ndipo tinapeza mizere itatu yopanda mawu kumapeto, imene tinaifufuta. Mawu enieni akasefukira, musachepetse zilembo kupitirira 10. Chotsani zosafunika, monga sukulu ya pulayimale, kapena mawu oti "Curriculum Vitae" pamwamba, poti aliyense akuona kale kuti ndi CV.

Potulutsa PDF mu Word, pitani pa File > Save As n'kusankha PDF. Musanasunge, tsegulani Options. M'menemo muli kabokosi kolembedwa Bitmap text when fonts may not be embedded. Kakakhala kochongedwa, ndipo mwagwiritsa ntchito zilembo zachilendo zimene eni ake salola kuti zilowe m'fayilo, Word imasandutsa mawuwo kukhala chithunzi, ndiye mwabwerera pa vuto lomwe lija. N'chifukwa chake tinati musankhe zilembo wamba. Pa LibreOffice Writer njira yake ndi File > Export As > Export as PDF.

Tsopano kuyesa, ndipo apa musalumphe. Tsegulani PDF ija, dinani Ctrl+A kenako Ctrl+C, tsegulani Notepad n'kudina Ctrl+V. Zimene zatuluka m'menemo zikufanana kwambiri ndi zimene pulogalamu ya olemba ntchito idzaone. Pakapanda kutuluka kanthu, muli ndi chithunzi. Mawu akatuluka osokonezeka, vuto ndi timabokosi kapena mizati. Werengani imelo ndi nambala ya foni chilembo ndi chilembo. Amene dzina lawo lili ndi ŵ aonetsetse kuti chatuluka bwino, osati kabokosi kapena chizindikiro cha funso. Pa foni, gwirani chala pa liwu limodzi kwa kanthawi: likasankhika lokha, zilembo zilimo.

CV ya mtsikana uja inatuluka yosakwana 200 KB, moti inapita ngakhale ndi bandulo yotsala pang'ono kutha. Fayilo tinaitcha dzina lake ndi CV kumapeto, m'malo mwa Document1. Tinamuuzanso kuti asunge fayilo ya Word ija pa imelo yake, chifukwa akadzapeza satifiketi ina adzasinthira m'menemo n'kutulutsa PDF yatsopano. Mukalembetsa ku shopu, pitani ndi fulashi ndipo muwauze kuti akuikireni mafayilo onse awiri, osati kungokupatsani pepala.