Yankho la pa wotchi: mawu awiri onena za mtima wanu

Mu 2018 kampani ya Apple inatulutsa wotchi yotchedwa Apple Watch Series 4, yomwe imatha kuyeza mphamvu ya magetsi imene imagunditsa mtima. Munthu amatsegula pulogalamu ya ECG, n'kuika chala pa kabatani kozungulira ka m'mbali, kenaka n'kudikira masekondi 30. Kuyezako kukatha, wotchi iyenera kuyankha. Vuto lagona apa: wotchiyi inabwera ya mamilimita 40 ndi 44 basi, ndipo munthu amangoiyang'ana mwachidule, dzanja lili m'mwamba. Chimene dokotala angafotokoze kwa mphindi zingapo chiyenera kukwana m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Okonza wotchiyi anaika chotsatira pamwamba penipeni, m'mawu ochepa. Ikalemba Atrial Fibrillation, ikunena kuti yaona zizindikiro zoti zipinda ziwiri zapamwamba za mtima zikungonjenjemera m'malo mogunda mwadongosolo. Matendawa ndi oopsa chifukwa magazi amatha kuundana mumtima, chibulumacho n'kupita ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Ikalemba Sinus Rhythm, ndiye kuti mtima unkagunda mofanana, pakati pa ka 50 ndi ka 100 pa mphindi. Ikalephera kugamula imalemba Inconclusive, osati kungolota. Pamenepa ndikuwayamikira: yankho lalifupi lovomera kuti silinapeze mutu wake n'labwino kuposa lolimba mtima koma lolakwika.

Koma taonani chiganizo chimene chimabwera pansi pa Sinus Rhythm: "This ECG does not show signs of atrial fibrillation." Tanthauzo lake n'lakuti kuyeza kumeneku sikunaonetse zizindikiro za nthenda imodzi ija. Sichikunena kuti mtima uli bwino. Kulemba kuti "Mtima wanu uli bwino" kukanakhala kwafupi ndiponso kokoma kumva, koma likanakhala bodza, pakuti wotchi imaona mtima kuchokera mbali imodzi yokha, pamene makina a kuchipatala amauona kuchokera mbali 12.

Tiyerekeze bambo wa zaka 58 amene akumva chifuwa kuthina ngati wina wamukhalira, ululu ukutsikira kudzanja lamanzere, thukuta lili kamukamu. Wayeza, wotchi yalemba Sinus Rhythm, kugunda 78 pa mphindi. Wotchiyo sinaname. Mtsempha wodyetsa mtima ukhoza kutsekeka mtima ukugundabe mwadongosolo, ndipo wotchi siyeza zimenezo. Bamboyu akangowerenga mawu awiri apamwambawo n'kutsitsa dzanja, akagona kunyumba pa nthawi imene amayenera kuthamangira kuchipatala. N'chifukwa chake pulogalamuyi imachenjeza kuti siitha kuzindikira kutsekeka kwa mitsempha ya mtima, ndipo imauza munthu amene akudzimva choncho kuti aitane thandizo mwamsanga. Pa sikirini yaing'ono chonchi, chiganizo chachiwiri chisaonongedwe ndi moni kapena mawu otonthoza. Chinene malire a kuyezako kapena chochita.

Yankho lochititsa mantha nalonso lili ndi msampha wake. Mawotchi amenewa ali ndi njira ina yoyezera: kuwala kobiriwira kwa kunsi kwa wotchi kumaona mmene magazi akudutsira pamkono, ndipo kugunda kukasokonekera kangapo, uthenga umabwera wokha. Akatswiri a yunivesite ya Stanford anafufuza njirayi pa anthu 419,297, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Anthu 2,161 analandira uthengawo. Mwa anthu 450 amene pambuyo pake anavala kachipangizo koyezera pachifuwa n'kukabweza, 34 pa 100 alionse ndi amene anapezeka ndi nthenda ya Atrial Fibrillation ija. Izi sizitanthauza kuti ena onsewo wotchi inawanamiza, chifukwa nthendayi imabwera n'kupita, ndipo kachipangizoko ankavala patapita masiku. Komabe zikuonetsa chifukwa chake uthenga wotere umanena za "zizindikiro" n'kutumiza munthu kwa dokotala, m'malo momuuza kuti akudwala.

Zotsalazo zimapita ku foni. Mzere wonse wa kugunda kwa mtima umasungidwa mu pulogalamu ya Health, ndipo munthu akhoza kuutulutsa ngati PDF n'kukaonetsa dokotala. Ngati wotchi ikungolephera kuwerenga, yambani mwaona zapafupi: lamba asakhale wolendewera, khungu likhale louma, mkono ugone patebulo, ndipo musagwedezeke mpaka masekondi 30 aja atatha. Dziwaninso kuti pulogalamu ya ECG sanaikonzere anthu osakwana zaka 22, choncho yankho limene mwana angapeze atabwereka wotchi ya kholo lake musalidalire.