Madola 100 pa foni, nkhongole ya madola 11,000 pa msika

Mu Lusaka masiku ano simuyenda mtunda wautali osamva za foleksi. Mu minibasi yocoka ku Kulima Tower, mnyamata ali gwii pa foni, mizele yofiila na yobiliwila ikwela na kutsika. Ku maofesi nayo nkhani ni imodzimodzi pa nthawi ya nsima. Ambili amene nakamba nawo anayamba na madola 50 olo 100, ena ndalama ya cilimba, ena ya kaloba. Nikawafunsa kuti akataya angataye zingati, yankho imakhala imodzi: "Nayikapo cabe tung'ono, boyi." Apa m'pamene pali msampha, ndipo lelo nifuna tiuŵelengele pamodzi.

Mau aŵili ayenela kumveka poyamba. Levaleji ni cilolezo cimene buloka akupatsani kuti mugwile ndalama zambili kupambana zimene muli nazo. Akalemba 1:500, ndiye kuti dola imodzi yanu ingagwile madola 500 pa msika. Majini ni cikole cimene buloka apatula pa ndalama zanu pamene malonda ali otseguka. Ili monga dipoziti ya nyumba ya lendi. Dipoziti si mtengo wa nyumba, ndipo nyumba ikapsa, mlandu sukuthela pa dipoziti.

Tiyeni titenge mnyamata wa ku Matero amene waika madola 100 mu akaunti ya 1:500. Afuna kugula EURUSD pa mtengo wa 1.1000, kutanthauza kuti yulo imodzi igulidwa na dola imodzi na masenti 10. Pa bokosi yolembedwa Volume alembapo 0.10. Nambala imeneyi ioneka yaing'ono, koma loti yathunthu ni mayulo 100,000, conco 0.10 ni mayulo 10,000. Pa mtengo uja, amenewa ni madola 11,000. Buloka agaŵa 11,000 na 500, n'kupatula madola 22 monga majini.

Mnyamata aona 22 pa foni, mtima pansi. Aganiza kuti waseŵela na madola 22 cabe. Zoona zake n'zakuti wanyamula katundu wa madola 11,000 pa msana wa madola 100. Phindu na kuluza siziŵelengedwa pa 22, ziŵelengedwa pa 11,000.

Mtengo wa EURUSD umayenda m'timasitepe tochedwa mapipi. Kucoka pa 1.1000 kufika pa 1.0999 ni pipi imodzi. Pa mayulo 10,000, pipi iliyonse ni dola imodzi. Mtengo ukatsika mapipi 40, cinthu cimene cimacitika masana amodzi popanda nkhani iliyonse yaikulu, madola 40 apita. Yulo yatsika osafika ngakhale theka la pelesenti imodzi, koma akaunti yaonda na mapelesenti 40.

Manje buloka sayembekeza kuti ndalama zonse zithe. Pansi pa sikilini ya MetaTrader pali manambala amene oyamba kumene sayang'anako. Balance ni ndalama zimene munali nazo musanatsegule malonda, ndipo siisintha mpaka mutatseka. Equity ndiye ndalama zanu zenizeni pa mphindi imeneyo, atacotsapo zimene mukuluza. Ndiye pali Margin level, imene ipezeka motele:

```
Margin level = Equity / Margin x 100
```

Nambala imeneyi ikatsika kufika pa malile amene buloka anaika, kompyuta itseka malonda anu yokha, osakufunsani. Malile amasiyana buloka na buloka, ndipo amalembedwa m'pangano limene ambili timangodina osaŵelenga. Tinene kuti apa ni mapelesenti 50. Theka la majini ya madola 22 ni 11. Conco Equity ikafika pa madola 11, seŵelo yatha. Mnyamata wathu ali na mtunda wa mapipi 89 cabe kucoka pamene anaguliila.

Koma ambili safika ngakhale pa 89, ndipo cifukwa cake n'cimene cinanipangitsa kulemba nkhani ino. Bwelelani pamene mtengo watsika mapipi 40. Equity ili pa 60. Mnyamata auza mtima wake kuti, "Yulo yachipa manje, nikagulako ina, ikabwela nizadya kaŵili." Foni imulola, kaili pa Free margin paoneka madola 38. Agulanso 0.10.

Onani zimene zasintha. Majini yakwela kufika pafupifupi madola 44, conco malile otsekela akwela kucoka pa 11 kufika pa 22. Pipi iliyonse lomba idya madola aŵili. Kucoka pa 60 kufika pa 22 pali madola 38, ndipo pa liŵilo latsopanoli ni mapipi 19. Asanawonjezele anali na mapipi 49 opumila. Kudina kumodzi kwacepetsa mtundawo kupitilila theka. Dzenje lasendela pafupi, ndipo iye akuthamangila komweko na liŵilo loŵilikiza.

Mapipi 19 si kanthu pa tsiku la nkhani. Lipoti ya nchito ya ku America, imene nthawi zambili imatuluka pa Cisanu coyamba ca mwezi, imafika kuno pa 14:30 olo 15:30, malinga na nyengo ya kwawo. Pa mphindi zimenezo mtengo ungalumphe mapipi ambili munthu asanatulutse foni m'thumba.

Tinene kuti watsala na madola 22. Kuti abwelele pa 100, afunika kuwonjezela 78 pa 22, kupambana katatu na theka pa zimene ali nazo. Ngakhale amene waluza theka cabe, 100 n'kukhala 50, afunika phindu la mapelesenti 100 kuti afike pamene anayambila. Kutsika ni kutsetseleka, kukwela ni phili. Ndiye cifukwa cake munthu woluza amakulitsa loti kuti abweze msanga, ndipo zotsalazo zimapita m'maola ocepa.

Ku Ulaya anaiona nkhani imeneyi. Mu 2018, bungwe loyang'anila misika ya zacuma la ESMA linapeza kuti pa maakaunti 100 alionse a anthu wamba pa malonda a mtundu uwu, pakati pa 74 na 89 anali kuluza. Linalamula kuti levaleji isapitilile 1:30 pa ndalama zikuluzikulu monga yulo na dola. Pa 1:30, malonda aja a 0.10 afuna majini ya madola pafupifupi 367. Mnyamata wa madola 100 sakanaloledwa n'komwe kuwatsegula. Conco buloka wakunja akakupatsani 1:500 olo 1:1000, sanakupatseni mphatso iyayi. Wangocotsa citseko cimene cikanakuletsani kunyamula katundu woposa msana wanu.

Nanga wa madola 100 acite bwanji ngati afunabe kuphunzila? Ayambile ku mapeto. Asanagule, asankhe ndalama imene angataye pa malonda amodzi osakomoka, tinene madola aŵili. Pa Volume alembe 0.01, amene ni mayulo 1,000, pamene pipi imodzi ni masenti 10. Aike Stop Loss pa mtunda wa mapipi 20. Zikalakwika, madola aŵili apita, 98 atsala. Levaleji ikali 1:500, buloka ni yemweyo, msika ni womwewo. Casintha ni kukula kwa katundu cabe. Adziŵenso kuti Stop Loss si khoma la simenti: mtengo ukalumpha, monga msika ukatseguka pambuyo pa wikendi, malonda angatsekedwe patali kupitilila pamene anaika.

Ena adzati, "Ah mudala, masenti 10 pa pipi nizalemela liti?" Funso n'labwino, ndipo yankho n'lakuti madola 100 sangalipile lendi ku Matero mwezi na mwezi popanda kuika akaunti yonse pa moto. Musanadine Buy olo Sell, ŵelengani zinthu ziŵili: pipi imodzi idya zingati, ndipo patsala mapipi angati kuti buloka akutsekeleni. Ngati simungayankhe, dinani pa akaunti yoyeselela, ndalama ya cilimba ibwelele m'thumba.