Zimene mafuta a thiransifoma amaulula za moto wobisika mkati

Thiransifoma yaikulu ya pa siteshoni ya magetsi, monga zimene zili ku Phombeya kapena ku Nkhoma, ndi chithanki chachitsulo chotsekedwa ndi mabauti mbali zonse. Kuti munthu asuzumire mkati mwake, magetsi ayenera kuzimitsidwa, mafuta matani ambirimbiri n'kukhuthulidwa, ndipo ntchitoyo imadya masiku. N'chifukwa chake mainjiniya sathamangira kutsegula. Amatunga mafuta pang'ono, mamililita 50 okha, n'kuwatumiza ku labotale kuti akaone mipweya imene yasungunuka mmenemo. Pa lipoti lochokera ku labotaleko, njirayi imalembedwa mwachidule kuti DGA.

Mkati mwa thankiyo muli makoyilo a waya wa kopa okulungidwa m'mapepala, chitsulo chapakati chimene makoyilowo amazungulira, ndiponso mafuta amene amaziziritsa zonsezi n'kutchinga magetsi kuti asadumphe. Mafutawo ndi ochokera pansi pa nthaka ngati dizilo, ndipo anapangidwa ndi timaunyolo ta kaboni ndi haidirojeni. Penapake pakatentha kwambiri kapena pakathetheka moto, timaunyoloti timaduka, ndipo zidutswa zake zimalumikizananso n'kukhala mpweya. Mpweya umene ubadwe umadalira ukali wa motowo. Mayi wodziwa kuphika amazindikira ali panja kuti chimene chikupserera ndi nyemba osati nsima, ndipo amadziwanso ngati motowo wangoyamba kapena wafika poipa. Injiniya naye amawerenga mipweya mwanjira yomweyo.

Mpweya wosavuta kutuluka ndi haidirojeni, wolembedwa H2. Sufuna mphamvu zambiri, choncho umapezeka pa vuto lililonse. Koma ukachuluka wokhawokha, limodzi ndi mitheni pang'ono, umaloza ku timoto ting'onoting'ono tozizira timene timathetheka m'timipata ta mpweya kapena m'mapepala amene alowa chinyezi. Timoto totere sitiwononga lero ndi lero, koma timadya pepala pang'onopang'ono.

Ikatsatira ndi mipweya itatu ya kutentha. Mitheni, CH4, ndi itheni, C2H6, zimatsogola pamene malo otenthawo sanafike madigiri 300. Kutentha kukadutsa pamenepo, ethilini, C2H4, amayamba kukula, ndipo pofika madigiri 700 amakhala atasiya anzake onse kumbuyo. Ethilini wambiri ndi chizindikiro chakuti penapake chitsulo chikuwotcha mafuta, mwina polumikizira pamene pamasuka, mwina pamene magetsi akuzungulira m'njira imene sanayenera kudutsamo.

Ndiyeno pali asetilini, C2H2, amene mainjiniya amayamba kuyang'ana akangolandira lipoti. Ndi mpweya womwe uja owotcherera zitsulo amagwiritsa ntchito, umenenso umatuluka kabaidi akathiridwa madzi. M'mafuta a thiransifoma subadwa wambiri pokhapokha kutentha kutadutsa madigiri 800 kapena 1,000, ndipo moto wotero umachokera ku magetsi amene adumpha ngati mphezi pakati pa zitsulo ziwiri. Thiransifoma yabwinobwino imatha kugwira ntchito zaka zambiri popanda asetilini wooneka. Choncho ngakhale atangopezeka wochepa kwambiri pamene kale kunalibe, munthu wanzeru sadikira chaka china kuti ayezenso.

Mipweya iwiri yotsala, kaboni monokisaidi, CO, ndi kaboni daiokisaidi, CO2, imanena makamaka za mapepala. Apa ndi pamene pali nkhawa yeniyeni, pakuti mafuta oipa amasefedwa kapena kusinthidwa, koma pepala lokulunga koyilo likapsa silibwerera. Pepala limatulutsa mipweya imeneyi ngakhale pongokalamba, ndiye chimene amayang'ana ndi kugawa CO2 ndi CO. Muyezo wa IEC 60599 umati yankho likatsika pansi pa 3, n'kutheka kuti vutolo lakhudza pepala ndipo layamba kulisandutsa makala.

Zonsezi zimayamba ndi munthu amene wagwada pansi pa thankiyo ndi sirinji ya galasi. Amayamba watsegula mpopi wapansi n'kutaya mafuta oyambirira, chifukwa amenewo akhala ali phee m'paipi ndipo sakuimira za mkati. Kenako amatsuka sirinjiyo ndi mafuta omwewo, n'kuidzaza pang'onopang'ono, kusiya mafutawo akankhe okha pisitoni, kuti mpweya wakunja usalowe. Akatseka amaiika m'bokosi kuti isaombedwe ndi dzuwa, n'kulembapo nambala ya thiransifoma, tsiku, ndi kutentha kwa mafuta. Ntchitoyi imaoneka yopepuka moti ena amaipeputsadi, koma malipoti ambiri osokeretsa amabadwira pomwepa. Haidirojeni sakhazikika m'mafuta, ndipo m'botolo losatsekedwa bwino amathawa asanafike ku labotale, thiransifoma yodwala n'kuoneka ngati yangwiro. Ku labotale amatulutsa mipweyayo m'mafuta n'kuipititsa m'makina otchedwa kiromatogirafu, amene amailekanitsa umodzi umodzi. Zotsatira zake zimalembedwa mu ppm, kutanthauza magawo angati a mpweya pa magawo miliyoni imodzi a mafuta.

Tiyerekeze thiransifoma ya 132 kV imene imayezedwa kawirikawiri. Mu Januwale lipoti lake linali lodekha: haidirojeni 40, mitheni 30, itheni 25, ethilini 35, asetilini palibe. Mu Julaye lipoti labwera losiyana: haidirojeni 150, mitheni 300, itheni 80, ethilini 690, asetilini 10. Koma CO ndi CO2 sizinasunthe kwenikweni, zili pa 400 ndi 3,200.

Chinthu choyamba chimene injiniya amaona si kukula kwa nambala, koma liwiro lake. Ethilini wachoka pa 35 kufika pa 690 m'miyezi isanu ndi umodzi, kutanthauza kuti vutolo lili moyo ndipo likupitirira. Thiransifoma yakale imatha kukhala ndi ethilini 200 kwa zaka zambiri osasintha, chipsera cha vuto limene linatha kalekale, ndipo imeneyo siopsa ngati iyi.

Pofuna kudziwa mtundu wa vutolo, ambiri amagwiritsa ntchito chojambula cha ngodya zitatu chimene a Michel Duval, katswiri wa ku Hydro-Québec m'dziko la Canada, anakonza m'zaka za m'ma 1970. Iwo anasankha mipweya itatu yokha, mitheni, ethilini ndi asetilini, imene imaimira moto wofooka, moto waukali ndi mphezi. Pophatikiza 300, 690 ndi 10 pamapezeka 1,000. Ndiye kuti mitheni ndi maperesenti 30, ethilini 69, asetilini 1. Mbali iliyonse ya chojambulacho imaimira mpweya umodzi, ndipo mizere itatuyo imakumana pa kadontho kamodzi. M'chojambulamo muli zigawo: PD ya timoto tozizira tija, T1, T2 ndi T3 za kutentha kokwera motsatizana, D1 ndi D2 za magetsi odumpha, komanso DT pamene zasakanikirana. Ethilini akadutsa maperesenti 50 pamene asetilini sanafike 15, kadonthoko kamagwera mu T3, kutentha kopitirira madigiri 700. Kugawa ethilini ndi itheni kukuvomereza zomwezo: 690 kugawa ndi 80 kukupereka 8 ndi kanthu, pamene malire a T3 pa muyezo wa IEC ndi 4. Asetilini wochepa uja sakutsutsa, chifukwa chitsulo chikafiira kwambiri chimatulutsanso pang'ono popanda mphezi iliyonse.

Tsopano mipweya ya pepala ikuthandiza kuchepetsa malo osaka. Kugawa 3,200 ndi 400 kukupereka 8, ndipo nambalazo sizinakwere. Moto wa madigiri 700 ukanakhala mkati mwa koyilo, pepala likanapsa ndipo CO akanalumpha. Ndiye kuti mwachionekere chikutenthacho ndi chitsulo chopanda chokulunga, chimene chakhudzana ndi mafuta okha. Zokayikiridwa ndi ziwiri. China ndi polumikizira, monga pa chosinthira mphamvu ya magetsi chimene chakhala malo amodzi kwa zaka, pomwe makala amamera pa mano ake, n'kuwonjezera kutentha, kutenthako n'kubalanso makala ena. China ndi chitsulo chapakati, chimene chimayenera kulumikizidwa ku nthaka pamalo amodzi okha. Chikakhudza thanki pamalo achiwiri, magetsi amayamba kuzungulira ndi kuwotcha pokhudzanapo.

Mafuta paokha sangasiyanitse ziwirizi, koma pali njira yofunsira. Amachepetsa katundu amene thiransifomayo ikusenza, n'kumayeza sabata iliyonse kapena masiku angapo alionse. Mpweya ukaleka kukwera, vuto lili m'njira yodutsa magetsi a makasitomala, chifukwa kutentha kwa polumikizira poipa kumatsika kwambiri katundu akachepa. Ukapitirira kukwera ngati palibe chasintha, diso limatembenukira ku chitsulo chapakati, chimene chimagwira ntchito mofanana bola thiransifomayo ikhale yoyaka. Pambuyo pake amazimitsa n'kuyeza mmene koyilo iliyonse ikukanira magetsi pa malo onse a chosinthira chija. Gawo limodzi likasiyana ndi anzake awiri, akonzi amadziwa bauti loti amasule asanatsitse n'komwe mafuta.

Njirayi ili ndi misampha yake, ndipo chojambula cha a Duval chili ndi khalidwe limodzi loopsa: chimayankha nthawi zonse. Ngakhale mipweya ikhale yochepetsetsa, ya thiransifoma yopanda vuto, kadontho kamagwera m'chigawo china basi. Choncho sachigwiritsa ntchito pokhapokha mpweya wina utadutsa mlingo wa masiku onse kapena utayamba kukwera.

Msampha wina ndi asetilini wobwereka. Mathiransifoma ambiri aakulu ali ndi chosinthira mphamvu chimene chimagwira ntchito magetsi ali oyaka, ndipo chimenecho chimathetheka moto pa kusintha kulikonse mwachibadwa, m'kachipinda kake ka mafuta. Kachipindako kakayamba kudontha, asetilini wake amalowa m'thanki yaikulu n'kuopseza anthu pachabe. Chizindikiro chake n'chakuti asetilini amaposa haidirojeni kawiri kapena katatu, pamene mphezi yeniyeni ya m'thanki yaikulu imatulutsa haidirojeni wambirinso. Palinso mafuta ena amene amatulutsa haidirojeni, mitheni ndi itheni akangofunda pang'ono popanda cholakwika chilichonse, komanso zotsalira za kuwotcherera thanki pokonza. Ndipo mafuta akasefedwa n'kuchotsedwa mpweya, mbiri yonse imafufutika. Kuwerenga kumayambiranso pa lipoti latsopano, pokumbukira kuti mpweya wina umene unalowerera m'mapepala umabwereranso m'mafuta m'masabata otsatira.

Vuto limene limakula m'masekondi, monga la mphezi ya m'dzinja kapena mawaya ogundana, kuyeza kwa kamodzi pachaka sikungaligwire. Ntchito imeneyo ndi ya chipangizo cha Buchholz, chimene a Max Buchholz a ku Germany anakonza mu 1921. Chimakhala pa paipi yopita ku kathanki kapamwamba, ndipo chimaliza belu thovu la mpweya likaunjikana, kapena kuzimitsa thiransifoma mafuta akathamanga mwadzidzidzi. Pa mathiransifoma ofunika kwambiri, masiku ano amamangirirapo makina oyeza mipweya maola angapo alionse, ndipo sirinji ya galasi ija imatsala yotsimikizira ngati makinawo akunena zoona.