Makoni atatu, silinda imodzi: masamu omwe mchenga umaonetsa

Ikani chitini patebulo, pambali pake muikepo koni ya pepala yomwe kukamwa kwake n'kofanana ndi kwa chitinicho, msinkhunso ndi umodzi. Kenaka funsani kalasi kuti mchenga wodzaza koniyo muuthire kangati kuti chitini chidzaze. Ana ambiri amayankha kuti kawiri, ndipo ngakhale akuluakulu amatero. Diso limaona ngati koni ndi theka la chitini. Koma mukathira kawiri, chitini chimakhala chisanadzaze, ndipo malo otsalawo amalowa koni ina yathunthu. Yankho ndi katatu, ndipo n'kumene kumachokera 1/3 imene ophunzira amaloweza mu fomula osadziwa kuti yabwera bwanji.

Tiyambe ndi silinda, chifukwa ndiyo muyezo wa zonse. Silinda ndi chinthu chozungulira chomwe kutambalala kwake sikusintha kuchokera pansi mpaka pamwamba, monga chitini, dramu, paipi kapena thunthu la nkhokwe. Voliyumu yake ndi kuchuluka kwa malo omwe ali m'kati mwake. Taganizirani ndalama zachitsulo zofanana zitasanjikizana: iliyonse ili ndi nkhope yofanana ndi inzake, ndipo mukawonjezera ndalama, mulu umangotalika osatambalala. Choncho kuti tipeze voliyumu ya silinda, timapeza kukula kwa bwalo la pansi, kenaka n'kuchulukitsa ndi msinkhu. M'mabuku amalemba chonchi:

V = πr²h

Chilembo r ndi rediyasi, kutanthauza mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika m'mphepete. Chilembo h ndi msinkhu, ndipo π ndi nambala ija timaiwerengera ngati 3.14 kapena 22/7.

Tiyese ndi silinda yomwe kukamwa kwake n'kotambalala masentimita 12, msinkhu wake masentimita 8. Rediyasi ndi theka la 12, ndiye kuti 6. Tikachulukitsa 6 ndi 6 tipeza 36, ndipo 36 kuchulukitsa ndi 3.14 ndi 113.04. Kumeneko ndiko kukula kwa bwalo la pansi. Tikachulukitsa ndi msinkhu wa 8 tipeza 904.32 cm³. Poti 1 cm³ ndi chimodzimodzi mililita imodzi, silinda imeneyi imalowa madzi pafupifupi mamililita 904, kuperewera pang'ono kukwana lita.

Koni yofanana nayo kukamwa ndi msinkhu imalowa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimenezi:

V = 1/3 πr²h

Apa ndiye kuti 904.32 kugawa ndi 3, yankho 301.44 cm³.

Kukonza zipangizo

Chionetsero chonse chagona pa mfundo imodzi: ziwiya ziwirizo zifanane kukamwa, zifananenso msinkhu. Zikasiyana ngakhale pang'ono, mchenga upereka yankho lina, ndipo ana akhulupirira mchengawo osati aphunzitsi awo.

Njira yapafupi ndi kuyamba ndi chitini chowongoka m'mbali. Pindani pepala lolimba kuti likhale ngati koni, ndipo mulilowetse m'chitini nsonga ili pansi mpaka nsongayo igunde pakati penipeni. Limasuleni pang'onopang'ono kufikira litakhudza mkombero wa chitini mbali zonse, limateni ndi selotepi, lembani mzere motsatira mkomberowo, kenaka dulani pamzerepo. Chitini chomwe chakuyezerani koni yake.

Amene akufuna manambala osavuta kuwerengera angathe kupanga zonse ziwiri ndi pepala lolimba. Silinda yathu ija imafuna pepala lotalika masentimita 37.7 ndi msinkhu wa masentimita 8, kuphatikizapo kampendero komatira, ndiponso bwalo la rediyasi 6 lotsekera pansi. Pa koni m'pamene ambiri amaphonya. Koni ili ndi miyezo iwiri yooneka ngati msinkhu: wina ndi wowongoka, wochokera pansonga kudzera pakati mpaka kukamwa, wina ndi wotsetsereka, wotsata m'mbali. Umene umalowa mu fomula ndi wowongokawo, koma umene timadulira pepala ndi wotsetserekawo. Timaupeza ndi lamulo la Pythagoras: 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36, 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64, pamodzi 100, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka 100 ndi 10.

Choncho jambulani bwalo la rediyasi ya masentimita 10, ndipo mudulepo gawo la madigiri 216, omwe ndi magawo atatu mwa asanu a bwalo lonselo. Ngati palibe choyezera madigiri, dulani ulusi wa masentimita 37.7, muuyendetse m'mphepete mwa bwalolo, ndipo pamene wayambira ndi pamene wathera mulembe mizere yolunjika pakati. Mukalumikiza mbali ziwirizo, koni ituluka ndi kukamwa kwa masentimita 12 ndi msinkhu wa masentimita 8.

Kuthira

Musanathire kanthu, aitaneni ana awiri adzatsimikize okha kuti ziwiyazo n'zofanana. Agundanitse kukamwa kwa koni ndi kwa silinda, kenaka avundikire koni patebulo pambali pa silinda n'kugoneka rula pamwamba pa zonse ziwiri. Akakhutira, aliyense m'kalasi alembe m'kope mwake nambala imene akuganiza. Mwana amene walemba kuti kawiri amayang'anitsitsa kuposa amene wangouzidwa yankho.

Mchenga ukhale wouma ndi wosefa. Dzazani koni, sesani pamwamba ndi rula kuti pasakhale kamulu, thirani m'silinda, salazani, ndipo lembani pamene mchenga wafika. Mu silinda ya masentimita 8, kuthira koyamba kumafika pafupifupi masentimita 2.7, kwachiwiri 5.3, kwachitatu pamkombero. Mizere itatu yotalikirana mofananayo ndi 1/3 ija ikuoneka ndi maso. Mukatha, bwezani: tsanulirani mchenga wa m'silinda mu koni, ndipo mupeza milu itatu yofanana.

Madzi amapereka yankho lolondola kuposa mchenga chifukwa sapanga kamulu ndipo satsendereka, koma amafuna ziwiya zosanyowa. Amisiri osula ndowa ndi mbaula angathe kukupangirani koni ndi silinda za malata mukawapatsa miyezo ija. Ngati silinda ndi ya pulasitiki yoonekera m'kati, thirani tiyi pang'ono m'madzimo kuti a kumbuyo aone pamene afika.

Zikapanda kukwana katatu

Kuphonya kulikonse kuli ndi chizindikiro chake. Ngati mwathira kanayi silinda osadzaza, pafupifupi nthawi zonse vuto ndi msinkhu wotsetsereka uja. Munthu akadula pepala ndi rediyasi ya 8 m'malo mwa 10, n'kulipinda kuti kukamwa kukwane masentimita 12, koni yake imakhala yaifupi, masentimita 5.3 okha. Imalowa pafupifupi 200 cm³, ndipo pamafunika kuthira kanayi ndi theka.

Ngati mwathira katatu koma pamwamba patsala mpata woposa sentimita, yang'anani kukamwa. Koni yomwe rediyasi yake ndi 5.5 m'malo mwa 6 imaoneka ngati ili bwinobwino, koma ikathiridwa katatu mchenga umalekera pa masentimita 6.7. Theka la sentimita limadya malo ambiri chotere chifukwa rediyasi imadzichulukitsa yokha mu fomula. Kufinya koni ya pepala ndi dzanja kumachepetsanso zolowamo, ndiye igwireni mopepuka pafupi ndi nsonga.

Mchenga ukasefukira kuthira kwachitatu kusanathe, ndiye kuti mumadzaza koni ndi kamulu, kapena mumaugwedeza kuti utsendereke mu koni koma osatero m'silinda. Mchenga wonyowa umakakamira kunsonga ndipo umasiya mipata, choncho sudalirika konse.

Papepala, kuphonya kofala ndi kuika kutambalala konse pamalo pa rediyasi. Amene waika 12 m'malo mwa 6 amapeza 3617.28 cm³, kuchuluka kanayi kuposa yankho lenileni. Kapu yoyezera imamugwira msanga, chifukwa silinda yosakwana lita singalowe malita atatu ndi theka. Kumbukiraninso kuyeza m'kati mwa chiwiya, osati kunja.

N'chifukwa chiyani si theka?

Amene amati kawiri sikuti angolota. Mukajambula koni ndi silinda pabolodi, mumaona chithunzi cha ngodya zitatu m'kati mwa cha ngodya zinayi, ndipo papepala choyambacho ndi thekadi la chachiwiricho. Koma koni siichepa kumanzere ndi kumanja kokha; imachepanso kutsogolo ndi kumbuyo. Pakati pa msinkhu wake rediyasi yatsika kufika pa 3, ndipo bwalo la rediyasi 3 si theka la bwalo la rediyasi 6, koma gawo limodzi mwa anayi, poti 9 amalowa mu 36 kanayi.

Zimenezi nazonso zimaoneka pothira. Lembani mzere m'kati mwa koni pakati pa msinkhu wake, thirani kufika pamzerepo, kenaka tsanulirani m'kapu yoyezera. Mupeza pafupifupi mamililita 38 okha, gawo limodzi mwa asanu ndi atatu a koni yonse. Theka lakunsonga lili ndi malo ochepa kwambiri, ndipo n'limene limakokera koni pansi pa theka la silinda.

Komabe kuthira kumangoonetsa, sikutsimikiza. Mchenga sungasiyanitse katatu ndendende ndi katatu kopitirira pang'ono. Agiriki akale ankadziwa kusiyana kumeneku. Archimedes wa ku Syracuse, yemwe adamwalira m'chaka cha 212 Khristu asanabadwe, adalemba kuti Democritus ndiye adayamba kunena za gawo limodzi mwa atatuli popanda umboni, ndipo Eudoxus ndiye adapereka umboni wake. Umboniwo ukupezeka m'buku la 12 la Elements, lomwe Euclid adalemba cha m'ma 300 Khristu asanabadwe.

Kutuluka nazo panja

Phunziro likatha, kalasi ingathe kuyeza zinthu zenizeni. Dramu yotambalala masentimita 56 m'kati ndi msinkhu wa masentimita 84 ili ndi rediyasi 28. Ndi 22/7, bwalo lake ndi 2464, ndipo kuchulukitsa ndi 84 kumapereka 206,976 cm³, pafupifupi malita 207.

Mulu wa mchenga womwe lole yatsitsa pamalo omanga umayandikira maonekedwe a koni, ngakhale nsonga yake imakhala yobuntha. Simungalowetse rula pakati pake, koma mungauzungulize chingwe pansi. Chingwe chikakwana mamita 12.56, gawani ndi 6.28, yomwe ndi π kuchulukitsa kawiri, ndipo rediyasi ndi mamita 2. Msinkhu muupeze poimika ndodo mowongoka pambali pa mulu n'kuona pamene yalingana ndi nsonga, osati pogoneka chingwe pamtsetse. Ukakhala mamita 1.2, ndiye kuti 3.14 kuchulukitsa ndi 4, kenaka ndi 1.2, n'kugawa ndi 3, zomwe zikupereka pafupifupi 5 m³. Amene angaiwale kugawa ndi 3 adzawerengera 15 m³, ndipo mchenga udzamuthera ntchito isanafike n'pakati pomwe.